Pulambala Asananyamuke: Mmene Mungafotokozere Vuto la Madzi Kuti Mtengo Usadzasinthe Pakhomo

Uthenga umene apulambala amalandira pa foni kawirikawiri umakhala waufupi: "Bambo, madzi akutayika kunyumba kuno. Mupanga zingati?" Wolembayo amaona ngati wanena zonse, chifukwa iye madziwo akuwaona ndi maso. Koma wowerengayo ali kutali. Mwina ali pa ntchito ina ku Kanengo pamene nyumba ili ku Area 36, kapena ali ku Limbe pamene nyumba ili ku Chilomoni. Kwa iye mawu akuti "madzi akutayika" angatanthauze kamphira kakutha mu mpopi, kamene amasintha asanamalize n'kucheza komwe, kapena paipi yoboola pansi pa simenti, imene ingamudyere masiku awiri.

Munthu wofunsidwa mtengo wa chinthu chimene sakuchiona amachita chimodzi mwa zitatu. Amatchula ndalama yochepa kuti ntchito isamuphonye, n'kudzakweza atafika, ndipo mkangano umayambira pamenepo. Kapena amatchula yambiri kuti adziteteze, ndipo mwininyumba amalipira ntchito imene kulibe. Kapena amangoti, "Ndibwere ndidzaone kaye." Akatero amakwera minibasi kudzaona, kubwereranso m'tauni kukagula zipangizo, n'kudzayamba ntchito dzuwa litapendeka. Ndalama ya maulendo onsewo imatuluka m'thumba la mwininyumba, madzi ali chitayikire.

Zambiri mwa izi zimapeweka ngati mwininyumba apatula madzulo amodzi kuti ayang'anitsitse vutolo, n'kulemba zimene waona. Sipafunika luso la upulambala. Pamafunika maso, wotchi, foni yojambula ndi kudekha. Titsata vuto limodzi lokha, limene limasokoneza mitengo kuposa ena onse: madzi otayika mobisika, amene amaonekera pa bilu ndi pa khoma lonyowa koma gwero lake silioneka.

Mtengo umachokera kuti

Pulambala akamawerengera ntchito, mumtima mwake amafunsa mafunso anayi. Kodi vuto lili pati? Kodi pakati pa ine ndi vutolo pali chiyani, dothi, njerwa, matailosi kapena siling'i? Kodi paipiyo ndi ya mtundu wanji, nanga ndi yaikulu bwanji? Ndipo ndikatha kukonza, ndani adzatseke pamene ndagumula?

Pa mafunso anayiwa, lachiwiri ndi lachinayi ndi amene amanyamula ndalama zambiri. Kachitsulo kolumikizira paipi n'kamodzimodzi, kaya paipiyo ili poyera kuseri kwa nyumba kaya ili m'kati mwa khoma la bafa. Chimene chimasiyana ndi thukuta lokafika pamene pali kachitsuloko, ndi simenti, mchenga, penti ndi matailosi obwezeretsa khomalo mmene linalili. Choncho uthenga wabwino ndi umene ukuthandiza pulambala kuyankha mafunso anayi aja asanachoke pamene ali.

Nenani zimene mwaona, osati dzina la matenda

Kuchipatala, wodwala amene amathandizidwa msanga ndi amene amati, "Mutu unayamba Lachiwiri, thupi limatentha usiku, ndasanza kawiri." Amene amangofika n'kunena kuti "ndili ndi malungo" amakhala atatsekera dokotala njira zina zoganizira. Ndi mmenenso zilili ndi mapaipi. Munthu akaona madzi akudontha kuchokera ku siling'i amalemba kuti "giza yaphulika." Pulambala amatchula mtengo wa giza yatsopano, mwininyumba mtima n'kugunda, pamene mwina chimene chikudontha ndi polumikizira paipi kapena valavu ya pambali pa gizayo. Wina amalemba kuti "ndi kawasha chabe," pulambala n'kubwera ndi sipanala m'thumba, koma mpopiwo unadyeka m'kati ndipo ukufunika wina.

Lembani chimene maso aona, khutu lamva ndi dzanja lakhudza. Madzi akutuluka pati? Akudontha, akuchucha kapena akuthovoka? Ndi ozizira kapena ofunda, oyera kapena onunkha? Anayamba liti, ndipo tsiku limenelo kapena dzulo lake kunachitika chiyani? Funso lomalizali anthu amaliiwala, koma limafupikitsa ntchito. Ngati khoma linayamba kunyowa sabata imene munakhomerapo msomali wa galasi, nenani. Ngati vuto linayamba madzi atabwera mwamphamvu pambuyo pa masiku atatu mipopi ili youma, nenaninso. Ngati munayesa kumanga nokha ndi mphira wa chubu, kapena kunabwera pulambala wina mwezi watha, musabise, chifukwa wobwerayo adzazipeza ndithu, ndipo ndi bwino azidziwe akuwerengera mtengo.

Mita ndiyo mboni yoyamba

Tiyerekeze nyumba yakale ya zipinda zitatu mu Lilongwe, mmene mukukhala anthu asanu. Mwezi ndi mwezi bilu yawo imaonetsa kuti agwiritsa ntchito makiyubiki 15 a madzi kapena kuyandikira pamenepo. Kiyubiki imodzi ndi malita 1,000. Mwezi uno bilu yabwera ndi makiyubiki 24, pamene sikunabwere alendo, ndipo sanayambe kuthirira dimba. Komanso khoma la chipinda cha ana, limene kuseri kwake kuli bafa, layamba kutupa penti m'munsi.

Mayi wa m'nyumbamo asanaimbire aliyense, apite pa mita. Mita zambiri zili ndi manambala akuda ndi ofiira. Akuda amawerenga makiyubiki athunthu, ndipo ndi amene amalembedwa pa bilu. Ofiira amawerenga zidutswa za kiyubiki, ndipo pa mita ya manambala ofiira atatu, nambala yomalizira ndi malita. Mita zambiri zilinso ndi kagudumu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono kwambiri.

Kuyesa kwake n'kotere. Tsekani mipopi yonse, ya m'nyumba ndi ya panja. Uzani onse kuti kwa theka la ola pasapezeke wotunga madzi kapena wogujumula chimbudzi. Dikirani kuti thanki ya chimbudzi idzaze n'kukhala chete. Ngati muli ndi thanki yosungira madzi pamwamba, tsekani paipi yolowetsa madzi m'thankimo, chifukwa ikamadzaza imayendetsa mita ndipo mudzaganiza kuti pali potayika. Musayese pa nthawi imene madzi angobwera kumene atasowa, poti mphepo ya m'mapaipi imatha kuzunguza mita. Zonse zikakhala bata, jambulani nkhope ya mita, dikirani mphindi 30, ndipo jambulaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: madzi otayika pang'ono saoneka pa mphindi ziwiri.

Mayi uja wajambula 9 koloko usiku, mita ikuonetsa 347 yakuda ndi 512 yofiira. Pofika hafu pasiti 9, yakuda ikadali 347 koma yofiira yafika 518. Malita 6 adutsa mipopi yonse ili yotseka. Malita 6 pa theka la ola ndi malita 12 pa ola, 288 pa tsiku, ndipo pa masiku 30 ndi malita 8,640. Amenewa ndi pafupifupi makiyubiki 9 aja amene anawonjezekera pa bilu. Tsopano mayiyu akudziwa zinthu ziwiri zimene m'mawa sankazidziwa: bilu sinalakwike, ndipo madzi akutayika ndi ochuluka chonchi. Chiwerengerochi chingasinthe pang'ono masana, chifukwa usiku anthu ambiri akagona madzi amakhala ndi mphamvu m'mapaipi ndipo potayika pamatulutsa ambiri. N'chifukwa chake polemba muzitchula ndi nthawi imene munayesa.

Pali malire amene ayenera kudziwika pano. Paipi yochokera mumsewu kufika pa mita, pamodzi ndi mitayo, ndi ya bungwe logawa madzi, monga Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board, kapena mabungwe a m'zigawo. Kuchokera pa mita kulowa kwanu, udindo ndi wanu. Madzi akamatuluka mita isanafike, amenewo sadutsa pa mita yanu ndipo si ntchito ya pulambala wanu. Kauzeni a bungwelo, ndipo musalole munthu aliyense kumasula mita.

Kutseka njira imodziimodzi

Mita yanena kuti madzi akutayika, koma sinanene malo. Malowo amapezeka potseka njira za madzi imodzi ndi imodzi, n'kumabwerera pa mita. Paliponse pamene mwatseka mita n'kuima, vuto lili kutsogolo kwa pamene mwatsekapo.

Yambani ndi valavu ya pamene paipi ikulowera m'nyumba, ngati ilipo. Si ija ya pa mita penipeni, koma ya pa khoma la nyumba. Mukaitseka mita n'kumayendabe, madzi akutayikira m'nthaka pakati pa mita ndi nyumba. Pamenepo pulambala adzafuna kudziwa kutalika kwa mtundawo, choncho uyendeni ndi mapazi n'kuwerenga, ndipo nenani ngati pamwamba pake ndi dothi, kapinga, njerwa zoyala kapena konkire. Kukumba dothi ndi khasu ndi kuswa konkire ndi ntchito ziwiri za mitengo yotalikirana. M'nyumba yathu ija, mayi watseka valavuyo ndipo kanyenyezi kaima. Panja palibe vuto, ndipo nkhani yokumba bwalo yachoka pa mtengo.

Tsegulaninso, kenako tsekani kavalavu ka paipi yolowetsa madzi m'thanki ya chimbudzi. Chimbudzi ndicho chimaba madzi mwakachetechete kuposa china chilichonse m'nyumba, chifukwa madzi ake amatsikira m'mbale n'kupita osanyowetsa pansi. Chimatayira njira ziwiri. Ngati valavu ya mpira woyandama siikutseka, thanki imadzaza mopitirira ndipo madzi amathawira m'kapaipi kotayira osefukira. Ngati mphira wa pansi pa thanki watha, madzi amazembera m'mbale thanki isanadzaze n'komwe. Kuti mudziwe, vundukulani thanki muone pamene madzi alekezera, kenako thiranimo tiyi wakuda wozizira kapena utoto wa chakudya, ndipo dikirani mphindi 20 osagujumula. Mtundu ukaoneka m'mbale, madzi akudutsa. Mayi uja watseka chimbudzi, wayesanso theka la ola, ndipo mita yayenda malita 4 m'malo mwa 6. Ndiye kuti mavuto ndi awiri: chimbudzi chikutaya malita 2, ndipo malita 4 akupita kwina.

Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa. Akapeza vuto limodzi amasangalala n'kusiya kufufuza. Pulambala amabwera, amakonza chimbudzi, amalipidwa, koma mwezi wotsatira bilu imangotsika pang'ono. Werengani malita nthawi iliyonse, ndipo musaleke mpaka onse atapezeka kumene akupita.

Chotsatira ndi giza. Zimitsani magetsi ake kaye, kenako tsekani valavu ya madzi ozizira olowa m'gizamo. Mita ikaima, vuto lili pa giza kapena pa mapaipi a madzi otentha. Dziwani kuti giza yolandira madzi mwachindunji kuchokera ku mita imadontha pang'ono pa kapaipi kotulukira panja pamene ikutenthetsa, chifukwa madzi akatentha amafufuma. Kumeneko si kuwonongeka. Koma kapaipiko kakamachucha usana ndi usiku, valavu ina yatha, ndipo muyenera kulemba zimenezo. Ngati giza ili m'siling'i ndipo simunazolowere kukwerako, musakwere. Ingolembani kuti simunathe kuyesa. M'nyumba ija giza ili pa khoma panja, mayi waitseka, ndipo malita 4 aja akuyendabe. Potayika pali pa paipi ya madzi ozizira, m'kati mwa nyumba.

Chenjezo limodzi pa mavalavu akale: ngati valavu yakana kutembenuka ndi dzanja, musaikakamize ndi sipanala. Ikhoza kuthyokera m'manja madzi ali m'kati. Lembani kuti valavu yakutiyakuti ndi yolimba. Imeneyonso ndi nkhani yofunika, chifukwa pulambala adzabwera ndi ina n'kuiika pa mtengo.

Khoma lonyowa limanena nthawi yake

Si khoma lililonse lonyowa limene lili ndi paipi yoboola. Chimene chimasiyanitsa ndi nthawi imene limanyowa. Paipi yobweretsa madzi imakhala yodzaza nthawi zonse, choncho chinyezi chake sichiuma, kaya mwasamba kaya mwachokapo masiku atatu. Paipi yotaya madzi akuda imanyowetsa pokhapokha wina akasamba kapena akatsuka mbale, ndipo nthawi zambiri pamamveka kafungo. Mipata ya pakati pa matailosi a m'shawa ikang'ambika imachitanso chimodzimodzi, ngakhale mapaipi onse ali bwino. Chinyezi chimene chimabwera ndi mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, n'kuuma m'chilimwe, gwero lake ndi denga kapena nthaka, ndipo wofunika ndi mmisiri womanga, osati pulambala.

Tengani pensulo muzungulize malire a ponyowapo, n'kulemba tsiku pambali. M'mawa mwake onani ngati chinyezi chadutsa mzerewo, ndipo chadutsira mbali iti. Yezani kutalika kwa pamene chinyezi chalekezera kuchokera pansi. Madzi amatsika, ngakhale njerwa zimawakokera m'mwamba pang'ono, motero pobowoka pamakhala kufupi ndi nsonga ya chinyezicho, osati pansi pamene madzi asonkhana. Khudzani ndi chikhato mumve ngati ndi pofunda. Usiku kukakhala zii, gunditsani khutu pa khoma kapena pa mpopi wapafupi. Paipi yoboola nthawi zina imalira mopyapyala ngati mphepo yolowera pa kampata ka zenera.

Kenako zungulirani mukaone kuseri kwa khomalo. Ichi n'chinthu chimene chimapulumutsa ndalama zambiri. M'nyumba ija mbali imodzi ndi bafa ya matailosi akale amene m'masitolo sapezekanso, mbali inayo ndi chipinda cha pulasitala ndi penti. Pulambala akadziwa zimenezi angathe kugumulira ku chipinda, kumene kubwezeretsa kwake ndi simenti ndi penti basi, matailosi osakhudzidwa. Ngati ponyowapo pali soketi kapena swichi ya magetsi, zimitsani magetsi a mbali imeneyo, musaikhudze, ndipo muitchule mu uthenga.

Zithunzi zitatu ndi maginito

Chithunzi chimathandiza ngati chikuonetsa malo, osati dontho lokha. Ambiri amayandikitsa foni mpaka chithunzi chonse n'kukhala banga lakuda losadziwika kuti lili pati. Jambulani katatu. Choyamba muli pakhomo la chipinda, kuti khoma lonse lioneke pamodzi ndi zenera ndi mipopi. Chachiwiri chapafupi ndi povutapo. Chachitatu cha paipi kapena chipangizo chenichenicho, mutaika rula kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Pa chimbudzi, jambulani m'kati mwa thanki chivundikiro chitachotsedwa, ndipo paoneke ngati paipi ikulowera m'mbali kapena pansi, poti mavalavu ake ndi osiyana. Pa giza, jambulani kachikwangwani kamene kamanena malita ake. Ngati pali phokoso, kavidiyo kakafupi pa WhatsApp kamaposa mawu.

Mtundu wa paipi muuone pamene ikuonekera, monga pansi pa sinki kapena pa khoma la panja. Ya pulasitiki imadziwika ndi maso, ndipo kawirikawiri imakhala ndi zolemba m'mbali zonena kukula kwake. Zijambuleni. Ngati ndi yachitsulo koma yapakidwa penti, gunditsani maginito. Ikagwira, ndi paipi yachitsulo ya mazinga, imene ili m'nyumba zambiri zakale. Ikapanda kugwira, mwina ndi ya kopa. Kusiyanaku n'kwakukulu pa mtengo. Paipi yachitsulo ikakalamba imachita dzimbiri kuchokera m'kati, ndipo pamene yabowoka pamodzi, mbali zoyandikana nazo zimakhalanso zitapyapyala. Pulambala akamamasula chidutswa chimodzi, mazinga a chotsatira amatha kunyenyeka. Akadziwiratu kuti ndi yachitsulo ndipo nyumba ndi yakale, adzakupatsani mitengo iwiri: wa kuika chigamba, ndi wa kusintha mzere wonse.

Uthenga wake

Zonsezi zikasonkhanitsidwa, mayi uja angalembe chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo. Ndili ndi vuto la madzi otayika, ndipo ndikupempha mundiuze mtengo musanabwere. Nyumba ndi yakale, ya pansi, tikukhalamo anthu asanu. Bilu yakwera kuchoka pa makiyubiki 15 kufika 24. Dzulo 9 koloko usiku tinatseka mipopi yonse, mita inayenda malita 6 pa mphindi 30. Titatseka valavu yolowera m'nyumba, mita inaima. Titatseka chimbudzi chokha, inayenda malita 4. Titatsekanso giza, inayendabe malita 4. Tinathira tiyi m'thanki ya chimbudzi ndipo anaonekera m'mbale. Khoma la pakati pa bafa ndi chipinda ndi lonyowa kwa masabata atatu, siliuma ngakhale tisasambe, ndi lozizira ndipo silinunkha. Chinyezi chafika m'chiuno kuchokera pansi, molunjika mpopi wa shawa. Ku bafa kuli matailosi amene sitikufuna aswedwe, ku chipinda ndi pulasitala. Pakhomapo palibe soketi. Mapaipi ndi achitsulo, maginito ikugwira. Valavu ya pa mita imatseka bwino. Madzi kuno amakonda kusiya masana. Ndatumiza zithunzi. Chonde mulekanitse mtengo wa ntchito, wa zipangizo, wa mayendedwe ndi wa kutseka khoma."

Mu uthengawu mulibe mawu amodzi onena chimene chawonongeka, koma pulambala wodziwa ntchito akauwerenga amaona nyumba yonse. Akudziwa kuti sakumba panja ndipo sakhudza giza. Akudziwa kuti chimbudzi chikufuna mphira wa pansi kapena chogujumulira chatsopano, ndipo chithunzi chamuuza mtundu wake. Akudziwa kuti potayika pali pa paipi yozizira yokwera kupita ku shawa, pafupi ndi msinkhu wa m'chiuno, ndipo adzalowera ku chipinda. Adzanyamula hamala ndi tchizulo, zolumikizira za paipi yachitsulo ndi tepi ya pa mazinga. Ngakhale mzere wonena kuti madzi amasiya masana uli ndi ntchito: paipi yokonzedwa iyenera kuyesedwa madzi ali m'kati khoma lisanatsekedwe, choncho adzasankha kubwera m'mamawa, kapena adzawerengera ulendo wachiwiri.

Njira yomweyi imagwiranso pa mavuto ena. Ngati madzi akuda sakutsika, funso lalikulu ndi lakuti, kodi ndi malo amodzi kapena onse? Sinki yokha ikatsekeka, chotseka chili pafupi, kawirikawiri pa kapaipi kopindika ka pansi pake. Koma chimbudzi, shawa ndi sinki zikamachedwa zonse, kapena mukagujumula chimbudzi madzi n'kutumphukira m'shawa, vuto lili pa paipi yaikulu ya panja kapena pa dzenje la sepitiki. Pamenepo nenani ngati nyumba ili pa suweji kapena pa sepitiki, ndi chaka chimene dzenjelo linapopedwa komaliza.

Pamene uthenga umalekezera

Ngakhale uthenga utalembedwa bwino chotani, m'kati mwa khoma simuoneka mpaka litagumulidwa. Mtengo wa chimbudzi ungakhale wotsimikizika, chifukwa zonse zili poyera. Mtengo wa khoma uyenera kukhala ndi mawu akuti "ngati". Pulambala woona mtima adzanena kuti ngati ndi polumikizira pamodzi ndi mwakuti, ndipo ngati paipi yonse yadyeka ndi mwakuti. Amene akutchula nambala imodzi yosagwedezeka pa chinthu chobisika, kapena wawonjezerapo zambiri, kapena adzaisintha atafika. Gwirizanani kuti akagumula n'kupeza zosiyana ndi zimene munalemba, ayambe wakuonetsani ndi kukuuzani mtengo watsopano asanapitirize.

Funsaninso ngati ndalama ya ulendo idzachotsedwe pa mtengo wonse mukamupatsa ntchitoyo, ndani akagule zipangizo, ndipo mtengowo ukhala masiku angati usanasinthe. Zipangizo zambiri za mapaipi zimachokera kunja, ndipo mitengo yake imatsata mphamvu ya kwacha, monga anthu anaonera ndalamayi itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati nyumba ndi ya lendi, uzani alandilodi khoma lisanakhudzidwe, ndipo mugwirizane wolipira. Mukafuna kuyerekeza mitengo, tumizani uthenga womwewo ndi zithunzi zomwezo kwa apulambala awiri kapena atatu. Mukatero ndiye kuti onse akuwerengera ntchito imodzi, ndipo mafunso amene aliyense adzakufunseni adzakuonetsani amene wawerenga mofatsa.

Pali nthawi imene simuyenera kukhala pansi n'kumalemba zonsezi. Madzi akamathovoka, siling'i ikafufuma, kapena madzi akayandikira mawaya, thamangirani kukatseka valavu ya pa mita ndi kuzimitsa magetsi, kenako imbani foni. Pa chifukwa chimenechi aliyense m'nyumba, ndi ana okulirapo omwe, adziwe pamene pali valavuyo. Podikira tsiku la pulambala, muzitseka valavuyo usiku ndi pochoka, mutatungiratu madzi m'ndowa, ndipo giza ikhale yozimitsa nthawi imene madzi ndi otseka.

Ntchito ikatha, pulambala asanamate khoma, bwererani naye pa mita. Tsekani mipopi yonse monga munachitira usiku uja, jambulani, dikirani mphindi 30, ndipo jambulaninso. Manambala ofiira akakhala pomwe analili, malita 6 aja apezeka onse, ndipo simenti ingathe kukandidwa.